Mahedifoni opanda waya pa PS5 ndi pa laputopu: mawu azifika limodzi ndi chithunzi

Funso: Ndili ndi PS5 komanso laputopu ya Windows 11. Mahedifoni anga a Bluetooth amamveka bwino pa nyimbo ndi mafilimu, koma PS5 ikuwakana. Nditawalumikiza ku TV, mfuti ya mu gemu imalira chipolopolo chitapita kale. Pa laputopu n'chimodzimodzi, ndipo ndikatsegula maiki mawu amamveka ngati a pa foni. Ndisinthe pati, kapena ndigule chiyani?

Yankho: Mahedifoni anuwo ndi abwinobwino, ndipo palibe pamene mungadine pa PS5 kapena pa Windows kuti vutoli litheretu. Kuchedwako kumachokera ku njira imene mawu akudutsa, ndiye njirayo ndi imene muyenera kusintha.

Bluetooth satumiza mawu ngati mmene waya amachitira. Amayamba wawadula tizidutswa, n'kutifinya kuti tichepe, kenaka n'kutiponya pa mafunde a 2.4 GHz. Mafunde amenewa ndi odzaza, chifukwa Wi-Fi, mapadi ndi zipangizo zina zambiri zimadutsa momwemo, choncho tizidutswa tina timatayika panjira ndipo timayenera kutumizidwanso. Pofuna kuti nyimbo isamadukeduke, mahedifoni amayamba asunga mawu okwanira ndithu asanawatulutse m'khutu mwanu. Kusungako ndi kumene kumadya nthawi yambiri. Njira yofinyira mawu imatchedwa kodeki, ndipo imene mahedifoni wamba onse a Bluetooth amaidziwa ndi SBC. Pa SBC mawu amachedwa ndi mamilisekondi pakati pa 150 ndi 250 nthawi zambiri; sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. AAC, imene ma AirPods amagwiritsa ntchito, komanso LDAC ya Sony, anazipangira kukoma kwa nyimbo; pa liwiro sizithandiza.

Pa filimu simumva vutoli chifukwa pulogalamu yoonetsera filimu imadziwa kuti mawu achedwa, ndiye imagwira chithunzi pang'ono kuti zonse zifikire limodzi. Filimu ikayamba mochedwa ndi kachigawo ka sekondi palibe amadandaula. Gemu singachite zimenezi, pakuti kulira kwa mfuti kulibeko mpaka inu mutadina batani, ndipo ikati igwire chithunzi ndiye kuti padi yanu iyamba kuyankha mochedwa, zimene n'zoipa kuposa poyamba.

Kuti muone kukula kwake, gemu yoyenda pa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi 16.7 alionse. Kuchedwa kwa mamilisekondi 200 ndiye kuti zithunzi 12 zadutsa mawu asanafike. Mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho zili ngati mukuonerera munthu akuwaza nkhuni tsidya la dambo pa mtunda wa mamita 69: nkhwangwa yatera kale, kugunda kwake kukubwera pambuyo. Kuchedwako kukatsika kufika pa mamilisekondi 40 kapena kucheperapo, anthu ambiri sakuzindikiranso. Malire amene tikusaka ndi amenewo.

Kudutsira pa TV kumangowonjezera ulendo. Mawu amachoka mu PS5 pa waya wa HDMI, TV imawakonza kaye, kenaka imawapereka ku Bluetooth wake, amene pa ma TV ambiri amangodziwa SBC. PS5 imakana mahedifoni wamba a Bluetooth mwadala, monga mmene PS4 inkachitira, koma imalandira chipangizo cha mawu chobaya pa USB. Khomo lathu ndi limeneli.

Yambani ndi waya wa mu padi

Musanatulutse ndalama, onani ngati mahedifoni anuwo ali ndi kabowo ka waya wa 3.5 mm. Ngati kalipo, zimitsani Bluetooth wake, mubaye wayayo pansi pa padi ya PS5. Padi imalandira mawu kuchokera ku PS5 pa njira yakeyake imene Sony anaikonza kuti isamachedwe, ndipo palibe waya wodutsa pabalaza kuti ana azikodwamo. Sewerani madzulo amodzi chonchi. Mukaona kuti mfuti ikulira pa nthawi yake, mwatsimikiza kuti wolakwa anali Bluetooth uja. Anthu ambiri amathera pomwepa osagulanso kanthu, ndipo sindiwaona ngati alakwitsa. Chimene mungadandaule n'chakuti batire ya padi imatha msangako.

Mahedifoni a dongolo

Ngati waya simukumufuna n'komwe, gulani mahedifoni amene amabwera ndi kachipangizo kawokawo kobaya pa USB, kamene ogulitsa amakatchula dongolo. Pa katoni pamalembedwa 2.4 GHz wireless. Mafunde ndi omwe aja a Bluetooth, koma chilankhulo chake n'china: dongolo imalankhula ndi mahedifoni amodzi okha, imatumiza tizidutswa tating'ono pafupipafupi, ndipo siisunga mawu ambiri. Kuchedwa kwake kumakhala pa mamilisekondi 15 mpaka 30 pa mitundu yodalirika. Maiki nayonso imayenda pa njira yomweyo popanda kuwononga mawu a gemu. Kwa inu amene muli ndi PS5 ndi laputopu, njira imeneyi ndi imene ndingakusankhireni, chifukwa dongolo imodzi yomweyo mumangoizula uku n'kukaibaya uko.

Pogula musatengeke ndi manambala a Bluetooth 5.0 kapena 5.3 olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Nambala imeneyo siinena chilichonse za kuchedwa kwa mawu; mahedifoni a 5.3 oyenda pa SBC amachedwa ngati akale omwe. Funsani kuti muione dongoloyo ndi maso. Izi n'zofunika kwambiri pa katundu wa kaunjika, chifukwa kachipangizoka n'kakang'ono ndipo ndi kamene kamayamba kusowa. Dongolo ya mtundu wina siigwira pa mahedifoni a mtundu wina, ngakhale kampani itakhala imodzi, ndiye mahedifoni okongola opanda dongolo yake asiyeni pomwepo ngakhale mtengo utatsika bwanji. Onaninso kuti pa katoni palembedwa PS5 kapena PlayStation. Xbox ili ndi malamulo ake: siilandira Bluetooth wa mawu, siilandiranso dongolo wamba, imafuna mahedifoni ovomerezedwa a Xbox. N'chifukwa chake madongolo ena ali ndi kabatani kosankhira pakati pa Xbox ndi USB kapena PC. Pa PS5 kabatani kameneko kasakhale ku Xbox, apo ayi simumva kanthu ndipo mudzaganiza kuti akugulitsani zakufa.

Kulumikiza kwake n'kosavuta. Bayani dongolo, yatsani mahedifoni, dikirani kuti kagetsi ka pa dongolo kasiye kuphethira. Pitani ku Settings > Sound > Audio Output > Output Device, musankhe dzina limene likuyamba ndi mawu akuti USB Headset. Mmunsi mwake, pa Output to Headphones, ikani All Audio. Mukapanda kutero mudzamva anzanu okha akulankhula, gemu ikulirira pa TV. Maiki mumaisankha pa Settings > Sound > Microphone > Input Device. Pa TV tsegulani Game Mode. Imeneyi siikhudza mahedifoni, koma imachepetsa kuchedwa kwa chithunzi, ndipo pa ma TV ena kuchedwako n'kwakukulu ndithu.

Malo obayapo dongolo

Apa ndi pamene anthu ambiri amawonongera mahedifoni abwino. Chifukwa dongolo siisunga mawu ambiri, kachidutswa kakatayika palibe chobwezera, ndiye mumamva kuthetheka kapena kaduu ka kanthawi kochepa. Mahedifoni othamanga amafuna njira yoyera kuposa a Bluetooth.

Mdani woyamba ndi USB 3. Mabowo ndi mawaya a USB 3 akamanyamula katundu amatulutsa phokoso la magetsi limene limagwera pa 2.4 GHz penipeni. Kampani ya Intel inafotokoza zimenezi poyera mu 2012. Taganizani za PS5 imene ili mu kabati pansi pa TV, kumbuyo kwake mwabaya diski yosungira magemu a PS4, ndipo pa bowo loyandikana nalo mwabaya dongolo. Gemu ikangoyamba kuwerenga pa diskiyo, mawu amayamba kuthetheka, ikasiya, amayera. Mukaona kuti vuto likubwera pa nthawi imene gemu ikutsegula malo atsopano kapena pamene mukukopera mafayilo, musakayike, ndi zimenezi. Pa PS5 yoyamba ija, yaikulu, bowo la USB-A lakutsogolo ndi la USB 2.0, pamene awiri akumbuyo ndi othamanga. Dongolo ibayeni kutsogoloko. Pa laputopu mabowo a USB 3 kawirikawiri amakhala ndi kalilime ka buluu kapena zilembo SS pambali. Ngati onse ndi otero, gulani waya wowonjezera wa USB 2.0 wa theka la mita kapena mita imodzi, dongolo ikhale kumapeto kwake, poteropo patali ndi makina. Waya wotchipa ameneyu amathetsa madandaulo ambiri kuposa china chilichonse chimene ndingakuuzeni pano.

Wachiwiri ndi Wi-Fi. Ambiri a ife timasewera pa intaneti ya hotisipoti ya foni kapena karauta ka m'thumba, ndipo timakaika pa tebulo lomwelo la TV kuti netiweki igwire bwino. Kachipangizo kameneko kakakhala pa 2.4 GHz, kakulankhula mokweza pafupi ndi khutu la dongolo. Pa mafoni ambiri a Android muli posankhira mafunde a hotisipoti, pena pamalembedwa AP band kapena Band. Ikani 5 GHz. PS5 imadziwa 5 GHz, malaputopu ambiri nawonso. Ngati karauta kanu n'ka 2.4 GHz yokha, kasunthireni kutali ndi dongolo mita imodzi kapena iwiri. Rauta yokhala ndi bowo la LAN ndiye bwino koposa: kokani waya mpaka ku PS5.

Wachitatu ndi thupi lanu lomwe ndi zitsulo. Madzi amameza mafunde a 2.4 GHz, ndipo mutu wa munthu ndi madzi ambiri. Nsana wa TV ndi bokosi la kompyuta ya pa desiki zimatchinganso. Mukamamva kaduu nthawi zonse mukatembenukira mbali imodzi, ndiye kuti mphamvu ya mafunde ili pamalire. Khalani pamene mumakhala posewera, muyang'ane: ngati dongolo mukuiona ndi maso, ili pamalo abwino.

Ngati mukufunitsitsa kusunga mahedifoni muli nawowa

Pali njira, koma ili ndi lamulo limodzi lovuta. Muli kodeki ya Bluetooth yotchedwa aptX Low Latency, ya kampani ya Qualcomm, imene imatsitsa kuchedwa kufika pa mamilisekondi pafupifupi 40. Mumagula kachipangizo kotumizira Bluetooth kobaya pa USB, kamene PS5 ndi Windows zimakaona ngati mahedifoni a USB, iko n'kumalumikizana ndi mahedifoni anu pakokha. Lamulo lake n'lakuti mbali zonse ziwiri zidziwe kodeki imodzimodziyo. Kotumizira kakadziwa aptX Low Latency koma mahedifoni akungodziwa SBC ndi AAC, ziwirizi zimagwirizana pa SBC mwakachetechete, ndipo ndalama yanu yapita pachabe. Fufuzani mndandanda wa makodeki pa katoni kapena m'kabuku ka mahedifoni anu. aptX yopanda mawu ena kutsogolo si yomweyo. aptX Adaptive, imene ikulowa m'malo mwake pa zipangizo zatsopano, imakhala pa mamilisekondi 50 mpaka 80, ndipo kukhala ndi Adaptive sikutanthauza kuti Low Latency ilimonso. Totumizira tambiri tili ndi kagetsi kosintha mtundu malinga ndi kodeki imene yagwira, ndiye werengani m'kabuku kake kuti mtundu uliwonse ukuimira chiyani. Bluetooth wa m'kati mwa malaputopu ambiri sadziwa aptX Low Latency pa Windows, choncho kotumizirako kakufunika kumenekonso.

Timahedifoni tina ta m'khutu tili ndi Game Mode yawoyawo. Imachepetsa mawu osungidwa aja, ndipo kusiyana kumamveka, koma siifika pa dongolo ndipo imaduka msanga mukatalikira.

Za maiki ndi Windows

Mawu a pa foni aja ali ndi chifukwa chake. Bluetooth wamba ali ndi njira ziwiri. A2DP imanyamula nyimbo ya makutu awiri koma ilibe maiki. HFP anaipangira kuyimba foni: ili ndi maiki, koma mawu ake ndi a njira imodzi, opyapyala, a 8 kapena 16 kHz. Pulogalamu iliyonse ikangotsegula maiki ya mahedifoni, Windows 11 imasamukira ku HFP yokha, ndipo gemu yonse imalowa mu kanjira kopapatizako. Simungadziwenso ngati mdani akuchokera kumanzere kapena kumanja. Mankhwala ake ndi kusagwiritsa ntchito maiki ya mahedifoni a Bluetooth. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe:

```
mmsys.cpl
```

Pa Recording, dinani kumanja pa Headset, musankhe Disable, ndipo maiki ya laputopu kapena ina ya USB muiike Set as Default Device. Pa PS5 padi ili kale ndi maiki yake.

Mukagula a dongolo vuto limenelo kulibe, koma tsegulani malo omwewo mukonze zingapo. Pa Playback, mahedifoni akhale Set as Default Device. Ena amaoneka kawiri, Game ndi Chat. Game ndiyo ikhale Default Device, Chat ikhale Default Communication Device. Mukazisemphanitsa gemu imamveka yosakoma ngati mmene zinalili pa Bluetooth. Pa Properties > Advanced sankhani 48000 Hz, chifukwa magemu ambiri amatulutsa mawu pa mlingo umenewo. Zimitsani audio enhancements, ndipo Spatial sound ikhale Off poyamba. Mukayeza n'kuona kuti zonse zili bwino mukhoza kuiyatsanso ngati mumaikonda. Zosinthazi zimangopulumutsa mamilisekondi ochepa, sizingasandutse SBC kukhala dongolo. Pa Communications ikani Do nothing kuti Windows isamatsitse mawu a gemu mnzanu akalankhula. Ngati mumafuna kudzimva polankhula, musayatse Listen to this device, chifukwa mawu anu amazungulira mu Windows n'kubwerera mochedwa mpaka lilime limakodwa. Mahedifoni ambiri a magemu ali ndi njira yawo yodzimvera, yolembedwa Sidetone, imene siichedwa.

Malaputopu ali ndi kachizolowezi kena: pofuna kusunga batire amagoneka mabowo a USB. Chizindikiro chake n'chakuti pakakhala chete kwa kanthawi, chiyambi cha mawu otsatira chimadyeka, kapena dongolo imazima n'kuyakanso yokha. Dinaninso batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe:

```
devmgmt.msc
```

Pansi pa Universal Serial Bus controllers, pa USB Root Hub iliyonse, pitani ku Properties > Power Management, muchotse chizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power. Posewera laputopu ikhale pa chaja ngati magetsi alipo.

Yezani nokha

Khutu limanamizika, makamaka munthu akangogula chinthu chatsopano ndipo akufuna kuti chikhale chabwino. Kuyeza kumangofuna foni ndi pulogalamu yaulere ya Audacity. Tsegulani gemu pamalo opanda adani ndi opanda intaneti, monga poyeserera kuwombera, ndipo muzimitse nyimbo za mu gemu. Ikani mahedifoni pa tebulo, mukweze mawu, mbewa ikhale pafupi ndi khutu limodzi la mahedifoniwo, foni pakati pawo ikujambula mawu. Dinani mbewa kakhumi, mukupumira pakati. Sankhani mfuti yolira kamodzi pa kudina kulikonse. Fayiloyo ikhale ya WAV kapena MP3 kuti Audacity iitsegule popanda zowonjezera.

Mukaikulitsa pa sikirini muona timapiri tiwiritiwiri: kakang'ono kosongoka ndi kudina kwa mbewa, kakakulu kotsatira ndi mfuti. Kokani kuchokera pa chiyambi cha koyamba mpaka pa chiyambi cha kachiwiri, muwerenge kutalika kwake mmunsi mwa sikirini. Chitani chonchi pa maulendo onse khumi, mutenge nambala ya pakati.

Nambala imeneyo payokha siinena za mahedifoni, chifukwa muli nthawi ya mbewa, ya gemu ndi ya Windows. N'chifukwa chake muyambe kuyeza ndi waya wa 3.5 mm. Tinene kuti pa waya mwapeza mamilisekondi 90, pa Bluetooth 290, pa dongolo 112. Chotsani 90 paliponse: Bluetooth akuwonjezera 200, dongolo 22. Mukapeza kuti dongolo ikuwonjezera 150 kapena kuposa, mwina mahedifoniwo ali ndi njira ziwiri ndipo alumikizana ndi laputopu pa Bluetooth pamene dongolo yangokhala. Zimitsani Bluetooth wa laputopu muyezenso. Ngati waya womwe ukupereka nambala yaikulu kwambiri, vuto lili mu kompyuta kapena mu gemu, ndipo kugula mahedifoni ena sikuthandiza. Yang'anani mapulogalamu okometsera mawu amene anabwera ndi laputopu, muwazimitse limodzi ndi limodzi uku mukuyeza. Pa PS5 njira ndi yomweyo, kungoti batani la padi muligogode mwamphamvu ndi chikhadabo kuti limveke pa foni.

Ndanena kuti muyeze popanda intaneti chifukwa kuchedwa kwa netiweki kumasokoneza anthu ambiri. Kulira kwa mfuti yanu kumapangidwa mu makina anu momwemo, sikudikira seva, kompyuta ya kutali imene imayendetsa gemu pa intaneti. Chimene chimadikira seva ndi kugwa kwa mdani ndi kamawu kosonyeza kuti mwamulasa. Popeza ma seva a magemu ambiri amene timalowako ali ku South Africa kapena ku Ulaya, kamawu kameneko kamachedwa ngakhale mutavala mahedifoni a waya. Ngati mfuti ikulira pa nthawi yake koma mdani akugwa mochedwa, mahedifoni asiyeni, muone mu gemu nambala ya ping, imene imasonyeza kuchedwa kwa netiweki, ndi mmene PS5 yalumikizidwira ku rauta.